Poiwalika mu derivativi ya e^(sin 3x)

"Ndinapeza kuti derivativi ya y = e^(sin 3x) ndi e^(sin 3x) · cos 3x, koma aphunzitsi anaichonga kuti ndi yolakwa. Kodi ndalakwitsa pati?"

Mwatsala pang'ono kufika, koma mwasiya kusenda musanafike pakati penipeni. Fankishoni imeneyi ili ndi zigawo zitatu zovundikirana ngati makoko a anyezi: kunja kuli e^u, mkati mwake muli sin v, ndipo pakati penipeni pali v = 3x. Lamulo la tcheni limafuna kuti mupeze derivativi ya chigawo chilichonse, kuyambira kunja kulowa mkati, kenako muchulukitse zonsezo pamodzi. Chigawo chakunja chimapereka e^(sin 3x), chachiwiri chimapereka cos 3x, ndipo chamkati chimapereka 3, amene inu mwamusiya. Yankho lolondola ndi dy/dx = 3 cos 3x · e^(sin 3x).

Mungathe kudzitsimikizira nokha popanda kudikira aphunzitsi. Pa x = 0, yankho lanu limapereka 1, pamene lolondola limapereka 3. Tsopano ikani x = 0.01 mu y = e^(sin 3x) pa kakyuleta, muonetsetse kuti ili pa RAD osati DEG, chifukwa malamulo a derivativi ya sin ndi cos amagwira ntchito mu maradiyani okha. Mupeza kuti y ndi pafupifupi 1.0304, kutanthauza kuti kuchokera pa x = 0, pomwe y ndi 1, yakwera ndi 0.0304 pamtunda wa 0.01, ndipo mukagawa mupeza pafupifupi 3.

Cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri ndicho kusintha za mkati nthawi isanakwane, monga kulemba e^(cos 3x), pamene pogwira chigawo chakunja sin 3x iyenera kukhala mmene ilili.