Babu lomwe linakana kuzima pakhonde la amayi

"Achimwene, ndikufuna Arduino yanga izidzayatsa ndi kuzimitsa babu la LED la 9W lapakhonde. Ndigule rilei wamba wolira thethethe uja, kapena SSR imene akuti siitha chifukwa mulibe kanthu koyenda?"

Rilei ndi swichi imene kakompyuta kakang'ono ngati Arduino kamatha kuyatsa ndi kuzimitsa, ndipo SSR, kapena kuti solid state relay, ndi rilei wopanda timilomo toyenda mkati. Mawu akuti "siitha" amenewa ndi amene anandigulitsa SSR inenso, ndiye ndikupemphani mundilole ndiyambire kwa amayi anga.

Amayi amakhala okha, ndipo miyendo imawavuta. Ndinafuna kuti nyale yapakhonde iziyaka yokha kukada, asamavutike kudzuka. Ndinalumikiza zonse bwinobwino, masana zinagwira ntchito, ine n'kubwerera kutauni. Patapita masiku atatu anandiimbira foni kuti, "Mwanawe, babu lako likuphethira usiku wonse." Nyale inkayenera kuzima nthawi ya 10 koloko, koma ikazima inkang'anima kamodzi, n'kukhala chete masekondi angapo, n'kung'animanso mpaka kucha. Kuwala kwake kunkalowa pazenera la kuchipinda kwawo, ndipo sankagona poopa kuti nyumba ipsa. Zinandipweteka kwambiri chifukwa mantha amenewo ndinawabweretsa ndine.

Ndinasintha babu, ndinaunikanso pulogalamu mzere ndi mzere, koma vuto silinachoke. Chinandiululira ndi babu lakale la kawaya kowala mkati, la 60W, lomwe linali m'kabati. Nditaliika, kuphethira kunatheratu.

Chifukwa chake n'chakuti SSR sidula waya. Mkati mwake muli kachipangizo kotchedwa traiyaki, kamene kamatseka njira ya magetsi ngati mpopi wotha labala, madontho amadutsabe. Madontho amenewa amakhala miliampeya imodzi kapena ziwiri. Babu lakale siliwamva n'komwe. Koma babu la LED lili ndi kapasita mkati, amene amatunga madonthowo pang'onopang'ono, akadzaza babu limang'anima, kenako amayambanso kutunga. Pa mavoti 230 a m'nyumba zathu, babu la 9W limakoka pafupifupi maampeya 0.04 okha, ndiye kadontho kameneko kwa ilo si kakang'ono.

Chimene chimandikhudza koposa kuphethirako ndi ichi: ngati magetsi akudontha, ndiye kuti pa holoda pali magetsi ngakhale nyale ikuoneka yozima. Mwana akakwera pampando kukasintha babu amakhulupirira zimene maso ake akuona. Komanso SSR ikafa, kawirikawiri imafa ili yolumikiza, nyale n'kungoyakabe osamvera chilichonse. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi ogulitsa amene amapatsa ophunzira SSR ngati kuti ndiyo yamakono m'zonse. Malo ake ndi pa chinthu choyatsidwa ndi kuzimitsidwa sekondi iliyonse, monga hita ya m'makina oswetsera mazira, pomwe rilei wamba angathe msanga. Pamenepo ndimaikonda, bola mukumbukire kuti imatentha pafupifupi wati imodzi pa ampeya iliyonse, ndiye katundu akakula imafuna chitsulo choiziziritsa.

Ndipo inu a sola, mverani izi. SSR yolembedwa DA ndi ya magetsi a AC okha. Traiyaki imazima pokhapokha magetsi akatsika kufika pa ziro, zimene pa AC yathu zimachitika ka 100 pa sekondi. Magetsi a batire la 12V satsika choncho, ndiye mukaiyatsa siizimanso.

Nanga kutha kwa rilei?

Marilei abuluu olembedwa 10A 250VAC aja opanga amati amatseka ndi kutsegula pafupifupi ka 100,000 atasenza katundu wodzaza. Nyale yoyaka ndi kuzima kanayi patsiku ingatenge zaka zoposa 60 kuti ifike pamenepo. Chomwe chimawapha msanga ndi kumangirira mababu a LED ambiri pa rilei mmodzi, chifukwa poyaka onse amakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, timilomo ta mkati n'kuwotcherana. Mudzadziwa mukamva thethe koma nyale osazima.

Ndiye achimwene, gulani rilei wamba wa 5V wokhala pa kabolodi kake. Koyilo yake imadya pafupifupi mamiliampeya 70, choncho idyetseni kuchokera pa `5V`, `GND` ya kabolodi mulumikize ku `GND` ya Arduino, pini ya Arduino ingopita pa `IN`. Timabolodi tambiri timayatsa mukatumiza `LOW`, yesani kaye popanda magetsi a m'nyumba. Dulani waya wamoto, wabulauni kapena wofiira, osati wa nyutirolo, ndipo mulowetse pa `COM` ndi `NO`. Zimitsani pa meni swichi musanagwire waya, zonse mutsekere m'kabokosi kapulasitiki, ndipo ngati simunagwirepo mavoti 230, mbali imeneyo muitanire wamagetsi. Kwa amayi ndinachita chomwecho, ndinasiyanso swichi yapakhoma patsogolo pa rilei kuti azitha kuzimitsa ndi dzanja lawo.