Za firiji ya pa Facebook ija

"Asuweni, kutumiza K150,000 pa Airtel Money amadula zingati? Ndi dipoziti ya firiji ndapeza pa Facebook, akuti ibwera mawa kuchokera ku Lilongwe. Zomwe takambirana ndi izo ndajambulazo."

Eee, amuna anga, mwadzuka? Ndaona, ndaona. Iwe ukundifunsa ine za ndalama yodula? Iwe amene umaloweza mitengo yonse ya bandulo ngati mavesi a Sande sukulu? Ayi, usandinamize. Zodulazo foni ikuuza yokha. Iwe mtima ukugunda, ukufuna munthu akuuze kuti tumiza, kuti zikavuta mawa udzati ndi asuweni anandilimbitsa mtima. Ndikukudziwa. Ndiye khala pansi, meseji iyi italika, amene alibe bandulo pagulu pano andikhululukire.

Ndawerenga zonse uli kutumizazo, pakati pa makasitomala. Tiyambe ndi pamene unafunsa kuti shopu yanu ili pati. Wayankha chiyani? "Tili Lilongwe bwana." Lilongwe! Lilongwe yake iti? Munthu wa shopu yeniyeni ukamufunsa funso limenelo amachita kukutopetsa. Akuuza kuti Area 2, ukatsika ku depoti uyende chakuti, moyang'anizana ndi chakuti, ukasochera undiimbire ndituluke. Amafuna ufike. Uyu utamufunsanso kachiwiri wati katundu ali ku nyumba yosungira ku Kanengo, makasitomala saloledwa kulowa. Kenaka pompo wasintha nkhani, wayamba zoti zatsala ziwiri zokha ndipo mayi wina wa ku Dedza akufuna kulipira masana ano. Taona nthawi yake pamenepo, funso lako 9:14, mayi wa ku Dedza watulukira 9:15. Mayi ameneyo amabadwa nthawi iliyonse imene iwe wafunsa funso lovuta.

Chithunzicho... dikira ndichikulitse. Eya. Pamwamba pake palembedwa Forwarded, ndiye kuti sanajambule nthawi imeneyo, wangochitenga kwina n'kukupatsira. Zimenezo pazokha si mlandu, ogulitsa ambiri amatero. Koma tayang'ana pakhoma kuseri kwa firijiyo. Soketi ili ndi mabowo ozungulira. Kuno kwathu masoketi a pakhoma mabowo ake amakhala atatu a makona, ozungulirawo ndi a ku Joni. Pulagi ya katundu ikhoza kukhala yozungulira, inde, zambiri zimachokera komweko, koma khoma silikwera basi. Chithunzi chachiwiricho pansi pali matailosi oyera, choyambacho simenti. Firiji imodzi, nyumba ziwiri.

Ndiye zandikumbutsa amalume. Ayi, osati bambo ako, bambo ako aang'ono, a ku Senga Bay. Ali pagulu pano eti? Aaa, samvera ma meseji aatali amenewo, tiyeni nazo. Iwe nthawi imeneyo unali kusukulu, sunaone. Itatha nkhani ya munda uja, atalandira gawo lawo, aliyense anawauza kuti foleraniko nyumba. Iwo ayi, akufuna injini ya boti, atopa ndi kupalasa, anzawo akupita kutali kukapha usipa iwo akungozungulira m'mphepete. Mwana wa aneba anawaonetsa pafoni injini, mtengo wake theka la m'sitolo. Wogulitsayo ulemu wake! "Madala" apa, "kholo lathu" apo. Anawatumizira mpaka chithunzi cha chiphaso cha unzika asanamupemphe n'komwe, akuti kuti mudziwe kuti ndine munthu woopa Mulungu. Amalume anafika pa kauntala panga atavala jekete lija la ukwati wa achemwali, lija lothina m'khwapa. Ine ndikuti amalume, dzina likutuluka apa ndi la mzimayi, pomwe chiphaso mwandionetsachi n'cha bambo. Iwo akuti ndi mkazi wake, iwe mwana usandiphunzitse malonda, ndinayamba kugulitsa nsomba mayi ako asanakwatiwe. Anachoka n'kukatumizira pa ejenti wina kuseri kwa msika, poopa pakamwa panga.

M'mawa mwake anadzakhala pa Kamuzu Road, atabwereka anyamata awiri odzanyamula, atawagulira kale tiyi ndi mandasi. Cha m'ma 10 foni inalira, mawu ena, akuti ndine dalaivala, ndili pa Chezi, tayala laphulika, tumizani ya tayala mudzadula pa yotsala. Anatumiza. Masana dalaivala ali pa Mvera, mafuta atha. Anatumiza. Chakumadzulo akuti agwidwa pa rodibuloko, injini ilibe mapepala, mukapanda kutumiza ilandidwa. Apa ndiye anagulitsa mbuzi ya azakhali, ija inali ndi bere, nkhani yake mukuidziwa nonse, sindiyambitsanso. Ndiye chimene chinkandipweteka ine, galimoto iliyonse ikatulukira njira ya ku Lilongwe, amalume amaimirira n'kukonza jekete. Iliyonse, ngakhale thirakitala. Anyamata aja anadya nkhomaliro, anadya mgonero, analandira ya tsiku, sananyamule ngakhale bawuti. Usiku nambala zonse ziwiri zinazima. Mpaka lero ukati "Chezi" pamaso pawo amayamba kutsokomola.

Ndipo chiphaso chija, kuti udziwe, nthawi zambiri chimakhala cha munthu wina amene anamubera kale. Amauza munthu kuti tumizani chiphaso tilembe risiti, ndiye chomwecho n'chimene amakaonetsa kwa wotsatira. Iwenso wakupempha eti, pa 9:40 apo? Usatumize. Mawa nkhope yako ndi imene izigulitsa mafiriji.

Ndinali pati... eya, nambala. Iwe ukucheza naye pa nambala ya 088, koma yolipirira wakupatsa ya 099. Chabwino, anthu ali ndi ma simu awiri, inenso ndili nawo. Koma patapita kanthawi wati ija yadzadza, tumizani pa iyi. Nambala zitatu, shopu imodzi. Chita chonchi, sizikudya ndalama: yamba ngati ukutumiza, lemba nambalayo, ika K500. Isanakufunse PIN foni ikuonetsa dzina la mwini nambala. Werenga, n'kusiya pomwepo. Uchite choncho zonse ziwiri. Ukapeza maina awiri osiyana, ndipo palibe logwirizana ndi dzina limene iye wakuuza, wamva kale yankho. Koma ndikuchenjezenso, ayi, imva bwino apa, ngakhale dzina litagwirizana usati basi zatheka. Ma simu analembetsedwa ndi ziphaso, inde, koma akubawa amagwiritsa ma simu olembetsedwa pa maina a anthu ena. Dzina likasiyana ndi chizindikiro choipa. Likafanana sichizindikiro cha chilichonse.

Pa tsamba lawo la Facebook lowa pa About, ufune pamene palembedwa Page transparency. Pamaonetsa tsiku limene tsambalo linatsegulidwa ndi maina amene linali nawo kale. Akamati takhala pa msika zaka zambiri koma tsamba ndi la mwezi watha, kapena kale linali la mapemphero, waona.

Koma zonsezi n'zazing'ono. Chimene chandiimitsa ine ndi apa, kumapeto. Anayamba ndi dipoziti ya K150,000. Iwe utati uganizire kaye, wati chabwino tumizani K100,000. Utakhala chete, wabwera yekha: "Muli ndi zingati pakadali pano bwana?" Koma mtengo wa firiji, K450,000, sanautsitse ngakhale tambala. Taganiza. Munthu amene ali ndi firiji amalimbana nawe pa mtengo, chifukwa phindu lake lili pamenepo, ndipo dipoziti amaiumirira chifukwa akuopa kutumiza katundu ulendo wonsewo iwe n'kukana. Amene alibe firiji mtengo alibe nawo ntchito, K300,000 yotsalayo akudziwa kuti sadzaiona. Chake ndi chimene utumize lero basi, ndiye chilichonse alandira. Wogulitsa akamatsitsa dipoziti m'malo motsitsa mtengo, dipozitiyo ndiye malonda ake onse.

Ndiye usamawerenge zimene akukulonjeza, zimenezo n'zaulere, aliyense atha kulemba. Werenga zimene akuzemba. Mupemphe chinthu chimene munthu wokhala ndi firiji angachite osataya kanthu, koma wopanda firiji sangathe. Muimbire pa vidiyo ya WhatsApp, umuuze atsegule chivundikiro, aikemo botolo la madzi, akuonetse kachikwangwani ka kumbuyo kamene pamalembedwa nambala ya firijiyo. Akati netiweki, muuze alembe dzina lako ndi deti la lero papepala, aliike pamwamba pa firiji, ajambule. Ngakhale pepalalo masiku ano amatha kulipachika pachithunzi, ndiye vidiyo ndiye yabwino. Koma choposa zonse, muuze kuti mlamu wanga ali ku Area 25, abwera masana ndi ndalama yonse m'manja, aone, alipire, akweze yekha pa minibasi ya Salima. Ndalama yonse, osati dipoziti. Wogulitsa weniweni amasangalala, wapeza zonse lero. Uyu uona, ayamba kuti malamulo a kampani salola, kapena akwiya kuti simukundikhulupirira, ine ndine mkhristu. Kukwiyako n'kuzembanso.

Ndipo usadalire zoti ndalama idzabwezedwa. Ndimaziona pa kauntala pano. Ikangolowa amakaitapa nthawi yomweyo, kapena kuipititsa pa nambala ina. Ukamaimba kukadandaula mu akaunti mulibe kanthu, ndipo PIN unaika wekha, ndi chala chako. Kupolisi upita ndithu, n'koyenera, koma ndalama ya chimanga cha amayi ija siyenera kukafika kumeneko. Eya, ndikudziwa kumene yachokera, usadabwe, pa Salima palibe chinsinsi.

Ndibwerezenso, poti iwe umamvera meseji uku ukuonera mpira: palibe kutumiza kanthu mpaka munthu wathu atagwira firijiyo ndi dzanja lake. Ngakhale atatsitsa kufika K20,000, ngakhale mayi wa ku Dedza atabweranso ndi azibale ake. Mlembere za alamu zija panopa, ndipo chimene ayankhe uchijambule uchiponye pagulu pano, tiwerengere limodzi. Alamu ndawaimbira kale, akuti akaweruka 4 koloko ali omasuka, bola uwatumizire ya kabaza. Imeneyo ndiye tumiza, ndipo usaiwale kuonjezera yotapira, amadandaula. Kwabwera kasitomala, ndizipita.