Chifukwa chiyani Álvaro akukhala pansi pa Zulu?

"Ndinalemba pulogalamu ya JavaScript yosunga maina a alimi a kachewere m'kalabu yathu kuno ku Tsangano. Ena ndi a ku Angónia, ku Mozambique. Ndikasanja ndi `maina.sort()`, Álvaro akutsikira pansi pa Zulu, ndipo Kaŵale akubwera Kazembe atadutsa kale. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, maina munalemba bwino. Vuto lagona poti `sort()` payokha sidziwa alifabeti, imangoyerekeza manambala omwe Unicode inapereka kwa chilembo chilichonse. Z ndi 90, pamene Á ndi 193, n'chifukwa chake Álvaro akutsalira kumapeto. Pa Kaŵale ndi Kazembe, zilembo ziwiri zoyamba n'zofanana, ndiye nkhani imathera pa chachitatu: z ndi 122, ŵ ndi 373. Mukafuna kutsimikiza kuti matenda ndi omwewa, onjezani dzina loyamba ndi chilembo chaching'ono, monga banda. Nalonso lithawira pansi pa Zulu, poti b ndi 98.

Chitani izi:

```js
const msanji = new Intl.Collator("pt");
maina.sort(msanji.compare);
```

Tsopano kompyuta imayerekeza monga amachitira mlembi wa kaundula. Choyamba imaona zilembo zokhazokha, ngati kuti tizizindikiro tapamwamba palibe: Á ndi A, ŵ ndi w. Álvaro amakwera pamwamba pa Banda, Kaŵale amatsogolera Kazembe. Kachizindikiro kamawerengedwa pokhapokha zilembo zonse zikafanana, choncho Mbewe ndi Mbeŵe amakhala moyandikana, wopanda kachipewa patsogolo. Kukula kwa chilembo kumaonedwa pomalizira penipeni.

Ndasankha "pt", kutanthauza Chipwitikizi, chifukwa cha abale athu a ku Mozambique, koma "en" ya Chingerezi ikupatsani mndandanda womwewo. Chachikulu n'choti mulembepo chilankhulo. Mukasiya mopanda kanthu, foni iliyonse imatsata chilankhulo chomwe mwini wake anaikamo, ndipo zilankhulo sizigwirizana zonse: ku Sweden, Å amakhala pambuyo pa Z.

Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse: musafufute tizizindikiroti kuti maina asanjike. Ndi dzina la munthu limenelo, ndipo iye ndi amene amadziwa kalembedwe kake.

Palinso msampha wina wobisika. Chilembo ŵ chimalowa m'kompyuta m'njira ziwiri, ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wotsatidwa ndi kachipewa koima pakokha. M'maso n'zofanana, ndipo `Intl.Collator` imazitenga mofanana, koma `===` imati ndi maina awiri osiyana. Mlimi mmodzi akhoza kulembedwa kawiri, kapena kusowa mukamamufufuza tsiku logawa ndalama. Mungazindikire poona `.length`: Mbeŵe wina apereka 5, winayo 6. Dzina lililonse lizidutsa mu `dzina.normalize("NFC")` lisanasungidwe, kuti w ndi kachipewa kake ziphatikizane kukhala chilembo chimodzi, ndipo omwe ali kale m'kaundula muwadutsitsemonso kamodzi.