Mzere wofiira pa galafu si chenjezo

"Ndaika mzere wofiira pa 30°C m'Grafana wa chipinda cha maseva kuno ku Moatize. Kutentha kwadutsa mzerewo koma uthenga sunabwere. Chavuta n'chiyani?"

Achimwene, mu pulogalamu yoonetsa magalafu ya Grafana, mzere umene mwajambula pa Thresholds ndi wa maso okha, sutumiza uthenga kwa munthu. Chenjezo limakhazikitsidwa palokha, pa Alerting, kenako Alert rules.

Pamenepo pangani lamulo la chenjezo, sankhani query yomwe imakoka manambala a kutentha kuchokera ku sensa, muike `IS ABOVE 30`, ndipo Pending period ikhale `5m`. Mphindi 5 zimenezi n'zofunika ndithu. Munthu akatsegula chitseko masana a Okutobala, mpweya wotentha wa kuno ku Tete umalowa, nambala n'kukwera mphindi imodzi kenako n'kutsika. Lamulo limangofika pa Pending n'kubwerera pa Normal, osakudzutsani pachabe. Koma makina oziziritsa akafa, kutentha kumakhalabe pamwamba, lamulo n'kufika pa Firing.

Likafika pa Firing koma foni ili zii, vuto lili pa Contact points. Ikanipo Telegram kapena imelo yanu, mudine Test, muonetsetsenso kuti lamulolo likuloza kumeneko.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi magetsi. Akazima, sensa imasiya kutumiza manambala, ndiye palibe chodutsa 30 ngakhale chipinda chikupsa. Musasankhe Normal pa nkhani ya No Data, ikani Alerting. Komanso Grafanayo ikhale pa makina a kwina kapena pa batire, chifukwa ikazimira limodzi ndi maseva palibe amene adzakuuzeni.