Musanatchule mtengo wa kavidiyo ka mphindi zisanu kaja

"Achimwene, ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Matawale. Bambo ena a kubungwe laling'ono andilembera pa WhatsApp kuti akufuna kavidiyo ka mphindi zisanu koonetsa ntchito yawo, ndipo andiimbira Lachinayi. Ndikudziwa kuti akangopereka moni afunsa kuti ndi zingati. Ndiwafunse chiyani ndisanatchule mtengo?"

Achemwali, ukwati suvuta kuuikira mtengo chifukwa mumaudziwa mutu ndi mchira wake. M'mawa muli kunyumba kwa mkwatibwi, kenako kutchalitchi, masana kojambulitsa, madzulo perekaniperekani kuholo, basi tsiku latha. Ntchito ya kubungwe siyenda choncho. Mphindi zisanu akunenazo ndi kutalika kwa chomwe adzaonere iwo, koma chomwe mukugulitsa inu ndi masiku anu: ojambula, oyenda pamsewu, okhala pakompyuta, ndi odikirira ndalama. Funso lililonse la Lachinayilo likhale lokuthandizani kuwerenga masikuwo.

Ine ndinaphunzira izi ndi misozi. Chaka china mu Febuluwale mayi ena anandiimbira kuti akufuna vidiyo ya mphindi zitatu ya gulu la amayi a banki mkhonde, "pompano pa Zomba." Ndinawerengera mumtima tsiku limodzi lojambula ndi awiri okonza, n'kutchula mtengo pafoni pomwepo. Anavomera msangamsanga, ndipo kufulumirako kukanandichenjeza. Pompano pawo panali ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo theka la amayiwo linali pachilumba cha Chisi, komwe umafika pabwato. Ine ndikamva Zomba ndimaganiza za tauni, iwo amanena boma lonse. Tsiku loyamba mvula inativumba, msewu wafumbi uja unasanduka phala, tinafika dzuwa litapendeka. Kujambula kunatenga masiku atatu. Pamene ndinkapereka vidiyo yomaliza n'kuti nditathera masiku 9 pa ntchito yomwe ndinalipiritsa atatu, ndipo ya bwato ndi ya kabaza inatuluka m'thumba mwanga.

Ndiye musakhutire ndi dzina la boma. Afunseni kuti akutchulireni midzi kapena misika yomwe mukajambuleko, malo angati, ndiponso ngati onse mungawamalize tsiku limodzi. Chinamwali ndi Songani mungawazungulire m'mawa umodzi, koma Chingale ndi Mayaka ali mbali zosiyana za phiri ndipo nthawi ya dzinja aliyense amadya tsiku lake. Pomwepo funsaninso kuti galimoto ndi ya ndani. Akati "tipitira limodzi pagalimoto ya ofesi," ndi bwino, koma dziwani kuti mudzanyamuka nthawi yomwe adalaivala adzapeze mafuta, osati nthawi yomwe kuwala kuli bwino.

Komabe funso la malo si loyamba. Loyamba, lomwe ambirife timalidumpha chifukwa limaoneka ngati lachibwana, ndi lakuti: vidiyoyi adzaonera ndani, ndipo adzaonera pati? Yankho lake limasintha ntchito yonse. Akati ndi yoika pa Facebook ndi kutumizirana pa WhatsApp, ndiye kuti ifunika yopepuka, yooneka bwino pafoni. Akati akaionetsa paprojekitala kumsonkhano ku Lilongwe pamaso pa madona, omwe amathandiza bungwelo ndi ndalama, ndiye kuti mawu ayenera kumveka bwinobwino muholo, kutanthauza kuti mukufunika maikolofoni yomata pamalaya komanso munthu wachiwiri womvetsera, yemwe naye afuna yake. Ndipo madona akangotchulidwa, funsani za chinenero. Agogo a ku Domasi akhoza kuyankha m'Chiyao, ena cha ku Mayaka angasakanize ndi Chilomwe, pomwe oonerawo amamva Chingerezi chokha. Amasulira ndani? Mawu olembedwa m'munsi mwa vidiyo alemba ndani? Ola limodzi la anthu akulankhula limanditengera maola anayi kapena asanu kuti ndingolilemba papepala, ndisanayambe n'kumasulira komwe. Vidiyo ya ku Kachulu ija ndinabwera ndi maola atatu a zokambirana, kotero masiku awiri anathera pa kulemba kokha.

Kenako afunseni mwaulemu kuti, "Kodi vidiyoyi ikatha, amene adzanene kuti yakhala bwino ndi ndani?" Bambo okuimbiraniwo nthawi zambiri ndi otumidwa chabe. Pamwamba pawo pali adayirekitala, pali a bodi, mwinanso pali mzungu wina kunja amene adzaione pamapeto penipeni n'kunena kuti chizindikiro chawo chachepa ndipo nyimbo yake ndi yachisoni. Aliyense mwa amenewa ndi ulendo wina wobwerera pakompyuta. Akakutchulirani anthu oposa awiri, auzeni pafoni pomwepo kuti mtengo wanu umaphatikiza kukonza kawiri, ndipo ndemanga zonse zizibwera pamodzi kudzera mwa munthu mmodzi. Kukonza kwachitatu n'kolipira padera. Mawu amenewa amavuta kutuluka pakamwa, ndikudziwa, chifukwa timaopa kuoneka amwano ntchito tisanaipeze. Koma amavuta koposa mukawanena mwezi utadutsa, munthu atazolowera kale kukutumizirani uthenga 10 koloko usiku wakuti "tangosinthani pang'ono apa."

Za tsiku, musafunse kuti akuifuna liti, chifukwa aliyense amayankha kuti mwamsanga. Funsani kuti patsiku akulinenalo pakuchitika chiyani. Ngati kuli msonkhano kapena lipoti loti litumizidwe, tsikulo ndi loona ndipo muwerengere chobwerera m'mbuyo. Ngati palibe chochitika, muli ndi mpata wopewa sabata ya mvula.

Tinthu ting'onoting'ono tiwiri musatiiwale. Chilolezo cha anthu ojambulidwa, makamaka ana a sukulu ndi odwala, apempha ndani, nanga kwa amfumu akadziwitsa ndani? Imeneyo ikhale ntchito ya bungwe, isakupezeni mutaimika kale kamera. China n'chakuti, kodi akufuna vidiyo yomalizidwa yokha kapena ndi zonse zosakonza zomwe? Ena amati mukatha "mutipatsenso zithunzi zonse zija," ndipo amazigwiritsa ntchito zaka zitatu m'makalendala awo.

Tsopano ndalama. Musachite manyazi kufunsa kuti, "Pa ntchito imeneyi mwapatula ndalama zingati?" Ambiri amazemba, amati tiuzeni inuyo. Musakakamire. Afunseni ngati anapangitsapo vidiyo yotere m'mbuyomu, ndipo ngati inde, akutumizireni muione. Mukaiona mudzadziwa mlingo womwe maso awo anazolowera, ndipo mukafunsa chomwe sanachikonde mwa wojambula woyambayo mudzamva zambiri. Akati ankachedwa, chabwino. Akati "ankangofuna ndalama," tcherani khutu, mwina mnzathuyo ankangofunsa zake zomwe sanalipidwe.

Funsaninso ngati akusonkhanitsa makotesheni atatu, monga mabungwe ambiri amachitira asanagule chinthu. Palibe cholakwika pamenepo. Koma munthu akakhala kuti sakufuna kuyankha mafunso anu, akungoti tumizani kotesheni yodinda lero lomwe, kawirikawiri ntchitoyo ili kale ndi mwini wake, pepala lanulo akungofuna kukwaniritsira nambala. Musatayirepo usiku wonse.

Chomwe chimapweteka anthu ochokera kumaukwati ndi kalipiridwe. Kuukwati munazolowera dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba, yotsala patsikulo. Bungwe limafuna invoisi, akaunti ya kubanki ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku MRA, ndipo limadula msonkho lisanakupatseni. Pa ntchito zangazi amandidula K20 pa K100 iliyonse. Tiyerekeze kuti mwawerengera kuti ntchito yonse ikufunika K800,000 m'manja, ndipo mwalemba yomweyo pakotesheni. Kubanki kudzalowa K640,000. Kuti mugwire K800,000 munayenera kulemba K1,000,000. Ndalama yodulidwayo sinatayike, imawerengedwa pa msonkho wanu wa pachaka, n'chifukwa chake muyenera kuitanitsa satifiketi yosonyeza kuti anadula. Koma mwezi umenewo ya kabaza ndi ya mnyamata wogwira maikolofoni siidikira satifiketi. Choncho afunseni: mumadula msonkho? Mumapereka dipoziti? Invoisi ikafika, pamapita masiku angati kuti ndalama ituluke, ndipo amasaina ndi anthu angati? Akati masiku 30 ndipo dipoziti sapereka, ndiye kuti mukuwakongoza ndalama zanu mwezi wathunthu. Ine zikatero ndimapempha kuti ya mayendedwe ndi chakudya yokha ibwere tisananyamuke. Amene tinalemba makotesheni kumayambiriro kwa Novembala 2023 tikukumbuka momwe kwacha inagwera ndi 44 peresenti usiku umodzi, mitengo ya mabatire ndi mafuta n'kuuluka ntchito tisanaiyambe. Kuyambira pamenepo ndimalemba m'munsi kuti mtengowu ukugwira ntchito masiku 14 okha.

Nanga akaumirira kuti mungotchulako kaye mongoyerekeza? Nambala yoyamba kutuluka pakamwa panu ndi imene adzalembe pakapepala, ndipo ina iliyonse yokulirapo idzaoneka ngati mwakweza. Ine ndimayankha kuti, "Bambo, ndikatchula panopa ndikunamizani. Ndiloleni ndiwerengere zimene mwandiuzazi, mawa 9 koloko mukhala mutalandira polemba." Sindinaonepo wofunadi ntchito akukana kudikira usiku umodzi.

Foni ikangoduka, musanatsegule n'kakyuleta komwe, alembereni uthenga wobwereza zomwe mwamva, mwachitsanzo: malo awiri, Songani ndi Domasi, tsiku limodzi lojambula, anthu anayi olankhula, Chichewa ndi Chiyao, mawu a Chingerezi m'munsi omasulira a bungwe, galimoto ya bungwe, kukonza kawiri, ifike pasanakwane pa 20. Mumalize ndi funso lakuti, "Ndamva bwino?" Apa ndi pamene zobisika zimatulukira. Mwezi wathawu nditatumiza uthenga wotere kwa bambo ena, anayankha patangopita mphindi zochepa kuti zonse zili bwino, kungoti anaiwala kunena kuti abwana akufunanso droni ijambule minda kuchokera m'mwamba, komanso kavidiyo kena ka mphindi imodzi koika pa Facebook. Droni ndilibe, ndimachita kubwereka ku Blantyre pamodzi ndi mwini wake, ndiye ndinaiika pamzere wakewake pakotesheni, ndi thiransipoti yake yomwe.