Kufupikitsa lipoti la maodita kuti bodi idziwe pogwira

"Ndili pa atachimenti kubungwe lina lomwe si laboma. Andipatsa lipoti la masamba 40 la maodita ochokera kunja kwa bungwe kuti ndilifupikitse pamasamba awiri likawerengedwe ku bodi. Ndiyambire pati?"

Yambani ndi kupatula mapepalawo, chifukwa nthawi zambiri maodita amasiya zikalata ziwiri. China chimakhala ndi maganizo awo pa malipoti a chuma, ndipo chinacho ndi manejimenti leta, kalata yotchula zofooka m'kayendetsedwe ka ndalama ndi katundu. Maganizowo aikeni pamwamba, mumzere umodzi. Apa ophunzira ambiri amapunthwa: mawu akuti kwalifayidi amamveka ngati chiyamikiro, koma mu oditi akutanthauza kuti mabuku ali bwino kupatula pachinthu chakutichakuti. Lipoti loyera ndi la anikwalifayidi. Ngati lanu ndi la kwalifayidi, chomwe achipatulacho ndicho mfundo yanu yoyamba.

Ntchito yeniyeni ili mu manejimenti leta. Jambulani tebulo, chopezeka chilichonse chikhale ndi mzere wake: chomwe apeza, mlingo wa chiopsezo, chomwe akuluakulu a bungwe avomera kuchita, mwini ntchitoyo, ndi tsiku lomaliza. Sungani manambala omwe maodita anapereka, kuti wofuna zambiri atsegule tsamba loyenera.

Tiyerekeze kuti chopezeka nambala 3 chadzaza masamba atatu. Malamulo a bungwe amati vocha iliyonse yolipirira ikhale ndi invoisi komanso siginecha ya wovomereza. Maodita anatola mavocha 25, ndipo 6 analibe invoisi. Ndalama zake ndi K4,200,000. Gwero lake n'loti wokonza vocha ndi yemwenso amaivomereza bwana akachokapo. Mumzere wanu mungolemba kuti: "Mavocha 6 mwa 25 omwe anaunikidwa, a K4,200,000, analipiridwa popanda invoisi, chifukwa munthu mmodzi amakonza ndi kuvomereza yekha." Nambala ya 25 musaisiye. Maodita amangolawa ndiwo, satha mphika wonse, choncho kulemba "mavocha 6" pokha kungapangitse bodi kuganiza kuti chaka chonse olakwika anali omwewo. Musalembenso kuti ndalamazo zabedwa. Lipoti lanena kuti umboni palibe, basi.

Mlingo wa chiopsezo si wanu. Utengeni m'lipoti momwe ulili, waukulu, wapakati kapena waung'ono, ndipo tanthauzo la milingoyo, lomwe limapezeka koyambirira kapena kumapeto kwa kalatayo, mulikopere pansi pa tebulo, chifukwa kampani iliyonse ya maodita ili ndi kayezedwe kake. Kawirikawiri amayang'ana zinthu ziwiri: mpata woti vutolo lichitike ndi kukula kwa chiwonongeko likachitika. N'chifukwa chake kuchuluka kwa ndalama pakokha sikugamula. Chitsanzo chathuchi chikhoza kupatsidwa mlingo waukulu ngakhale ndalama zikanakhala K300,000, poti khomo lomwe zinadutsira likadali lotsegula mwezi uliwonse. Sanjani tebulo kuyambira zazikulu. Zazing'ono zokha ndizo mutha kuziphatikiza m'ndime imodzi, bola chilichonse chitchulidwe. Chomwe chinaliponso chaka chatha chilembeni kuti "chobwereza", chifukwa chikusonyeza lonjezo lomwe silinakwaniritsidwe. Wina akakupemphani kuti mutsitse mlingo kuti ziwoneke bwino, muuzeni mwaulemu kuti zimenezo akambirane ndi maodita.

Pomwe chidule chimawonongeka kwambiri ndi pa zochita. Pansi pa chopezeka chilichonse pamakhala malangizo a maodita, kenako yankho la akuluakulu, ndipo ziwirizi sizifanana nthawi zonse. Maodita akhoza kulangiza kuti palembedwe wantchito wina, akuluakulu n'kuyankha kuti bajeti sikulola, m'malo mwake mkulu wa mapulogalamu ndiye azisayina bwana akachoka. Cholowa mu tebulo ndi chomwe akuluakulu avomera. Yankho longoti "tamva, tikonza" si chochita ayi. Likatero, pitani kwa mkulu wa zachuma mukafunse kuti achita chiyani, adzachita ndani, pofika liti. Mzere womveka umati: "Pofika pa 30 Juni, mkulu wa zachuma apeze mainvoisi a mavocha 6 aja, ndipo kuyambira pano vocha iliyonse isayinidwe ndi anthu awiri." Lembani udindo osati dzina la munthu, chifukwa anthu amasintha ntchito. Akuluakulu akatsutsa chopezeka, musachifufute. Lembani kuti sanagwirizane nacho ndi chifukwa chomwe apereka.

Musanapereke, werengani zopezeka m'lipoti ndi mizere yanu: ngati zilipo 14, zonse 14 ziwoneke, ndipo chiwerengero cha zazikulu chifanane. Yerekezani ndalama iliyonse ndi tsamba lomwe mwaitenga, muonetsetsenso kuti mwagwiritsa ntchito lipoti losayinidwa, osati dirafuti, chifukwa milingo ndi mayankho nthawi zina zimasintha pakati pa ziwirizi.