Mapoyinti, mamilimita ndi mapikiselo pa positala ya A2

"Ndikukonza positala ya A2 ya msonkhano wa tchalitchi chathu ku Matero. Osindikiza ku Kamwala akuti zilembo za mutu zikhale zotalika mamilimita 50. Mu Photoshop ndikungoona pt ndi px. Ndilembe nambala yanji?"

Mayi, ngati fonti yanu ndi Arial, lembani 198 pt, koma musanatero muonetsetse kuti Resolution ya fayilo yanu ili pa 300. Ndifotokoza kumene nambala ya 198 yachokera kuti mukasintha fonti kapena pepala muzitha kuwerengera nokha.

Zonse zimayambira pa inchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo m'mapulogalamu a pakompyuta inchi yomweyo ili ndi mapoyinti 72, choncho poyinti imodzi ndi mamilimita 0.3528. Pikiselo ndiye ilibe muyeso wokhazikika, chifukwa kukula kwake papepala kumadalira kuti mwapanikiza mapikiselo angati mu inchi imodzi, yomwe ndi nambala ija imalembedwa kuti ppi.

```
mm = pt × 0.3528
px = pt × ppi ÷ 72
```

Munthu akangoona masamuwa amathamangira kugawa 50 ndi 0.3528, n'kupeza 142 pt, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa nayo. Nambala ya mapoyinti siyeza kutalika kwa chilembo chimene mukuchiona. Imayeza malo onse amene wopanga fonti anasungira chilembo, kuphatikizapo mpata wa pamwamba ndi mpata wa pansi wolendewera michira ya zilembo monga g ndi y. Mu Arial, chilembo chachikulu monga H chimatenga pafupifupi 0.716 ya malo amenewo, pamene mu Times New Roman chimatenga pafupifupi 0.66. Mukalemba 142 pt mu Arial, H wanu adzatuluka wa mamilimita 36 okha, ndipo osindikizawo akadzaika rula adzakuuzani kuti zilembo zachepa.

Njira yoyenera ndi kuyamba mwagawa 50 ndi 0.716, zimene zikupereka mamilimita pafupifupi 69.8, kenako n'kugawa 69.8 ndi 0.3528, ndipo mupeza 198 pt. Pa 300 ppi imeneyi ndi 825 px, pamene pa 150 ppi ndi pafupifupi 412 px. Ndatenga kuti osindikizawo akunena za zilembo zikuluzikulu, popeza ndi mmene anthu a zikwangwani amayezera kawirikawiri, komabe sikulakwa kuwafunsa musanapitirire.

Tsopano za Resolution ija. Pepala la A2 ndi mamilimita 420 m'lifupi ndi 594 m'litali, ndipo pa 300 ppi limafuna mapikiselo 4961 ndi 7016. Zimachitika kuti munthu walemba mapikiselo amenewa molondola koma Resolution wayisiya pa 72. Zikatero pulogalamu imaona poyinti imodzi ngati pikiselo imodzi, ndiye 198 pt yanu imakhala 198 px basi m'malo mwa 825. Fayiloyo ikasindikizidwa pa A2, H amatuluka wa mamilimita 12, wosawerengeka kwa munthu woima tsidya lina la msewu. Chizindikiro chake chimaoneka msanga: mumalemba nambala yaikulu koma mawuwo amaoneka tating'ono pakati pa tsamba. Pokonza, tsegulani Image Size, chotsani chongi pa Resample, ndipo lembani 300 pa Resolution. Mapikiselo sasintha, koma mukayang'ananso mawu aja mupeza kuti tsopano akuwerengedwa 47.5 pt, umene uli muyeso wawo weniweni papepala, ndipo apo m'pamene muyenera kulembanso 198.

Ena amakonda kukonza positala pa A4 kuti kompyuta isalemedwe, n'kuuza osindikiza kuti akulitse. Kuchokera pa A4 kufika pa A2 chilichonse chimakula kawiri m'litali ndi m'lifupi, motero pamenepo mutu ungakhale 99 pt. Ine sindikulangizani njira imeneyi mu Photoshop, chifukwa fayilo ya 300 ppi ikakulitsidwa kawiri imatsala ndi 150 ppi, ndipo m'mbali mwa zilembo zing'onozing'ono za tsiku ndi malo a msonkhano mumayamba kuoneka manomano. Ndi bwino kuyamba ndi A2 yeniyeni, ndipo posunga musankhe PDF imene zilembo zake sizinasandutsidwe chithunzi.

Musanalipire ku Kamwala, tsegulani fayilo ina ya A4 pa 300 ppi, lembani H mmodzi wa 198 pt m'fonti yomweyo, ndipo musindikize pa pulinta wamba mutasankha Actual size, osati Fit, chifukwa Fit imachepetsa tsamba pang'ono kuti likwane. Ikani rula kuchokera pansi pa H mpaka pamwamba pake. Mukapeza 46 m'malo mwa 50, ndiye kuti fonti yanu ili ndi zilembo zazifupi kuposa Arial, choncho chulukitsani 198 ndi 50, mugawe ndi 46, ndipo mulembe 215 pt.